Mita ikuti mavoti 12 alipo, koma rauta ikungozima ndi kuyaka: mafunso ndi mayankho

Ntchito yanga ndi yokonza mawailesi, matchaja ndi tizipangizo ta intaneti kuno ku Ulongwe, m'chigawo cha Tete. Pali dandaulo lina limene limabwerabwera pabenchi panga. Munthu amafika ndi rauta m'jumbo n'kunena kuti, "Achimwene, chinthuchi chikungozima chokha n'kuyakanso. Adaputa ndayeza ndi mita, ili bwinobwino, ikutulutsa 12." Amakhala atagamula kale mumtima kuti yafa ndi rauta, ndipo ena amakhala atataya kale ndalama kugula ina. Zimandiwawa, chifukwa kawirikawiri wolakwa amakhala adaputa yomweyo imene mita yaichitira umboni. Ndikati adaputa ndikunena kabokosi kakuda kolowetsa pasoketi kaja, kamene ena kuno amati fonte, ena karegadori, ena tchaja ya rauta. Ndikati mita ndikunena kachipangizo ka m'manja koyezera magetsi, osati ya pakhoma yolipirira ija. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimafunsidwa, ndipo ndawayankha monga ndimayankhira pabenchi.

Mita yandionetsa 12.2. Kodi pamenepa adaputa si yabwino?

Mita sinaname, koma yayankha funso laling'ono kwambiri. Mukaika mita pa mavoti, imakoka magetsi ochepa zedi moti adaputa sidziwa n'komwe kuti pali chimene chaikhudza. Mita yabwino imakhala ndi maomu 10 miliyoni m'kati mwake, umene ndi muyeso wa mmene imatsekerezera magetsi, ndipo timamita tachikasu totchipa tija timakhala ndi 1 miliyoni. Pa mavoti 12, yoyambayo imakoka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a ampeya imodzi. Rauta imafuna theka la ampeya, nthawi zina ampeya yathunthu. Kusiyana kwake ndi kumeneko.

Ife a ku Angoniya kuno timadziwa kuti ng'ombe sitiigula poiona itaima m'khola. Timaimanga pangolo, n'kupakira matumba a mbatatesi, n'kuona ngati ikwera chitunda. Adaputa yotopa imaima bwinobwino m'khola. Ikhoza kukuonetsani 12.2 tsiku lonse chifukwa palibe chimene yasenza. Ikangosenzetsedwa katundu mavoti amagwa, rauta imazima, katundu uja amachoka, mavoti amabwerera, rauta imayakanso, n'kumangozungulira choncho. Choncho 12.2 wanuyo akungonena kuti adaputa siinaferetu. Ngati ingathe ntchito kapena ayi, sitinafunse.

Ndidziwa bwanji kuti rauta ikuzimadi, si netiweki chabe imene ikuthawa?

Funso ili liyambe, chifukwa mukhoza kutha tsiku mukuvutitsa adaputa yosalakwa. Khalani pafupi muyang'ane timagetsi takutsogolo. Rauta ikazimadi, timagetsi tonse timathima kapena kuyakira limodzi, kenako n'kumabwera kamodzikamodzi monga zimachitira mukangoilumikiza kumene, ndipo dzina la netiweki ya m'nyumba limasowa pafoni kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Ngati dzinalo likuonekabe koma intaneti yokha ndiyo yaima, vuto lili kunja, kapena bando yatha.

Njira ina ndi kulowa patsamba la rauta. Adiresi yake imalembedwa kunsi kwa rautayo, kawirikawiri `192.168.0.1`, `192.168.1.1` kapena `192.168.8.1`. Marauta ambiri amaonetsa nthawi imene yatha chiyakireni, pansi pa mawu ngati `Uptime`. Ngati munailumikiza m'mawa koma madzulo ikuti yangoyaka mphindi 7 zapitazo, ndiye kuti inazimadi.

Kuyeza koyamba, kopanda katundu, kuli ndi phindu lililonse?

Kuli nalo, ndipo sikutenga mphindi. Werengani kaye zolembedwa pa adaputa pamzere wa `OUTPUT`, mwachitsanzo `12V 1A`, ndipo muyerekeze ndi zolembedwa kunsi kwa rauta. Ndapezapo rauta yofuna `12V 1.5A` ikuyendetsedwa ndi adaputa ya `12V 0.5A` yochokera ku chipangizo china, chifukwa chakuti pulagi inalowa. Pamenepo mlandu watha musanagwire n'komwe mita.

Waya wakuda wa mita alowe pa `COM`, wofiira pa bowo lolembedwa `V`. Tembenuzirani chosankhira cha mita ku mbali ya `DCV` pa `20`. Nsonga yofiira ilowe m'kabowo ka pakati pa pulagi, yakuda ikhudze chitsulo chakunja. Pa marauta ambiri pakati ndi pamene pali `+`, ndipo kachithunzi ka pa adaputa kamasonyeza zimenezi. Nambala ikabwera ndi `-` kutsogolo pamene kachithunzi ka pa rauta kakuti pakati ndi `+`, adaputa imeneyo si ya rauta yanu, musailumikize.

Adaputa zopepuka za masiku ano zimaonetsa pakati pa 11.4 ndi 12.6. Zakale zolemera zija, zokhala ndi thiransifoma m'kati, zimatha kuonetsa 15 kapena 16 zikakhala zopanda katundu, ndipo kwa izo si matenda.

Nanga katundu woyesera ndimupeza kuti?

Kwa okonza njinga zamoto. Babu wa indiketa wolembedwa `12V 10W` ndiye chida changa chachikulu pantchito imeneyi, ndipo amapezeka pamsika uliwonse, kaya ku Domwe, ku Tsangano kapena ku Zobwe. Akhale babu wakale wa kawaya kofiira m'kati. Mababu atsopano osatentha aja amakoka magetsi ochepa, sangatithandize. Kawerengedwe kake n'kosavuta:

```
I = P / V
10W / 12V = 0.83A
5W / 12V = 0.42A
```

Ndiye kuti babu wa mawati 10 amasenzetsa adaputa ya ampeya imodzi katundu wokwanira bwino, pafupi ndi malire ake koma osapitirira. Wa mawati 5 ndi katundu wopepuka, wofanana ndi rauta imene yangokhala phee. Wa mawati 21, wa indiketa ya galimoto, amakoka pafupifupi maampeya 1.75. Ameneyo ndi wa adaputa ya maampeya 2, ndipo mukamuika pa ya ampeya imodzi muiweruza molakwa.

Kalumikizidwe ndi kamene kamafuna manja odekha. Ine ndinachotsa kasoketi kolowetsamo pulagi pa rauta ina yakufa, ndinawotcherera mawaya awiri, n'kuwapititsa ku babu. Ndikalowetsa pulagi ya adaputa mmenemo ndimakhala ndi malo awiri oonekera bwino oikapo nsonga za mita. Ngati mulibe kasoketi kotere, pindani kawaya kosenda kawiri mukalowetse m'kabowo ka pakati kuti kagwire, kena mukulunge pachitsulo chakunja n'kumata ndi tepi. Chitani zimenezi adaputa isanalowe pasoketi ya pakhoma, ndipo onetsetsani kuti mawaya awiriwo sakukhudzana. Mita ikhale pa `DCV` pa `20` pomwe paja, nsonga zake pamawaya awiri opita ku babu.

Pali msampha umodzi. Babu wozizira amakoka magetsi ochuluka kwambiri m'kamphindi koyamba, kuchulukitsa kakhumi kapena kuyandikira pamenepo, mpaka kawaya kake katatentha. Adaputa zina, ngakhale zabwino, zimayesa kuti mawaya agundana ndipo zimadziteteza: babu amangophethira, phethi, phethi, osayaka. Zikatero musafulumire kuiweruza. Yambani ndi babu wa mawati 5, akayaka muwonjezere wina wa mawati 5 pambali pake pamawaya omwewo. Amene angapeze rezisita, kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi, ya maomu 15 yopirira mawati 20 kapena 25 apeza chabwino koposa, chifukwa imakoka maampeya 0.8 mosasinthasintha. Imatentha moti ikhoza kukuwotchani chala, choncho iikeni pa njerwa kapena pa simenti, osati pa tebulo la pulasitiki.

Ndipo musayeze kwa masekondi asanu n'kuchotsa. Isiyeni mphindi 20 kapena 30, mukulemba nambala pakapita mphindi zisanu zilizonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Adaputa zambiri zodwala zimayamba bwino, matenda amaoneka zikatentha.

Manambala amene ndipezewo ndiwamve bwanji?

Adaputa yamoyo ya mavoti 12 ikasenza babu imatsika pang'ono chabe, mwina kuchoka pa 12.2 kufika pa 11.9 kapena 11.8, n'kukhazikika pomwepo. Kutsika kochepako kumatayikira m'waya. Ikafika pansi pa 11.4, yatuluka m'malire amene adaputa yotere imayenera kukhalamo. Koma chimene ndimayang'ana kwambiri ndi khalidwe la nambalayo. Nambala yokhazikika pa 11.5 imandidetsa nkhawa pang'ono kusiyana ndi imene ikuvina, 11.9, 11.2, 11.8, 10.7, kapena imene ikutsetsereka pang'onopang'ono pamene adaputa ikutentha.

Ndinene chilungamo apa. Rauta sigwiritsa ntchito mavoti 12 mmene alili. M'kati mwake imawatsitsa kufika pa 3.3 ndi ena ochepera apo, choncho marauta ambiri amayendabe ngakhale alandire mavoti 11 okhazikika. Chimene chimazimitsa rauta ndi kugwa kwadzidzidzi kozama. Mavoti 11 amene mukuwaona pamita ali ngati utsi: akukuuzani kuti adaputa yatha mphamvu, ndipo rauta ikafuna zambiri mwadzidzidzi mavotiwo agwa kwambiri kuposa pamenepo. Timarauta ta mavoti 5 tilibe mpata wotere. Pa ito, kutsika pansi pa 4.75 ndi vuto kale. Ito babu wa mavoti 12 sakwanira bwino, pamafunika rezisita ya maomu 5 pa adaputa ya ampeya imodzi kapena kuposa.

Mungatipatse chitsanzo cha imene munaigwira chonchi?

Alamu anga ali ndi kashopu ku Moatize kosindikiza mapepala ndi kutumiza zikalata pa intaneti. Chaka china mu Okutobala anandiimbira kuti rauta yawo ya simukhadi yayamba misala. M'mawa imagwira bwino. Nthawi ikafika cha m'ma 11 koloko imayamba kuzima, ndipo masana imazima pafupipafupi, makamaka wina akamatumiza chikalata chachikulu. Anati, "Alamu, adaputa ndayeza pamaso pa anthu, 12.3. Ndipezereni rauta ina." Ndinawapempha kuti asagule kanthu, anditumizire zonse ziwiri pa minibasi.

Zitafika ndinalumikiza rautayo ndi adaputa yake pabenchi panga, ndipo inayenda madzulo onse osazima. Kuno kumtunda kumazizira, ndipo pabenchi panga pamapita mphepo. Ndikanakhala wopupuluma ndikanaibweza n'kunena kuti palibe vuto. Mawa lake ndinatenga adaputa yokha. Inalembedwa `12V 1A`. Yopanda katundu inaonetsa 12.3, monga ananenera alamu. Ndi babu wa mawati 5 inaonetsa 12.0. Ndi wa mawati 10 inayamba pa 11.6. Patapita mphindi 10 inali pa 11.3. Kenako ndinaiika padzuwa pawindo kuti imve ngati ili kwawo ku Moatize, pansi pa malata. Isanathe mphindi 20 nambala inayamba kuvina pakati pa 10.9 ndi 9.8, kuwala kwa babu kukunjenjemera, ndipo nditayandikiza khutu ndinamva kakulira kopyapyala, tsiii, ngati udzudzu. Kenako babu anathima kwa kamphindi n'kuyakanso yekha. Kuzima kumene alamu ankakuona kunali kumeneko, ndipo rauta panalibe n'komwe.

Nditachotsa babu n'kuyezanso, mita inati 12.3.

Rautayo ndinaiyendetsa tsiku lathunthu ndi adaputa ina ya `12V 1.5A`, ndikutsitsa mavidiyo dala kuti igwire ntchito yolemetsa, ndipo sinazime. Ndinawatumizira zonse ndi malangizo akuti adaputa yatsopanoyo asaipanikize kuseri kwa makina osindikizira kumene inkakhala yakale ija.

Kodi chimafa n'chiyani m'kati mwa adaputa kuti izichita chonchi?

Kawirikawiri ndi makapasita, timigolo ting'onoting'ono tokhala ngati timabatire. Adaputa ya masiku ano simatulutsa magetsi mosalekeza ngati madzi a mumtsinje. Imatunga pang'onopang'ono maulendo masauzande makumi angapo pa sekondi imodzi, n'kumathira mu kapasita, ndipo rauta imamwa kuchokera mu kapasitamo. Kapasita ili ngati mtsuko wa pakhomo. Mtsuko ukakhala wabwino, womwa sadziwa kuti madzi amabwera ndi ndowa. M'kati mwa kapasita muli timadzi tamankhwala, ndipo timadzi timeneti timauma ndi kutentha. Tikauma, mtsuko uja umasanduka kachikho. Wongolawa ndi nsonga ya lilime, monga mita, apeza madzi alipo. Waludzu lenileni apeza pansi pouma.

Opanga makapasita ali ndi lamulo lodziwika lakuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umadulidwa pakati. N'chifukwa chake adaputa za mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, zimakalamba msanga kuposa za kuno ku Ulongwe. Onjezanipo kuti rauta ndi chinthu chimene sitizimitsa, usana ndi usiku chaka chonse. Tchaja ya foni imapumako, adaputa ya rauta sipuma.

Sikuti zonse zimadwala potentha. Zina zimavuta poyamba zikakhala zozizira, monga m'mamawa mu Juni kuno: rauta imazima n'kuyaka kanayi kapena kasanu, kenako ikafunda n'kukhazikika tsiku lonse. Amenewonso ndi makapasita ouma, chifukwa kapasita yotopa imakanika kwambiri ikazizira.

Adaputa yapirira babu kwa theka la ola, koma rauta ikuzimabe. Ndiye kuti adaputa yapulumuka?

Yapulumuka theka. Apa ndi pamene mita imafika pamalire ake, ndipo ndibwino kuwadziwa malirewo. Mita wamba imasintha nambala kawiri kapena katatu pa sekondi, ndipo nambala imene imakupatsani ndi ya pakatikati. Mavoti akagwa kwa kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, mita siona kanthu, koma rauta imaona n'kuzima. Babu naye amakoka magetsi mofanana nthawi zonse, pamene rauta imakoka mojejemera. Ya simukhadi ndiyo kwambiri: ikakhala kutali ndi nsanja ya netiweki imafuula mwamphamvu kuti imveke, ndipo kufuulako kumadya magetsi mwadzidzidzi. N'chifukwa chake adaputa yofooka ikhoza kuyendetsa rauta pa boma koma n'kulephera kumudzi kuseri kwa phiri.

Ngati mita yanu ili ndi batani la `MIN/MAX`, ligwiritseni ntchito. Pamafunika kuti muyeze rauta ikugwira ntchito, kudzera pa kawaya kowonjezera kamene mwasenda pakati, kapena pamiyendo ya kasoketi m'kati mwa rauta ngati muli ndi dzanja losanjenjemera. Dinani batanilo, yambani kutsitsa chinthu chachikulu, dikirani rauta izime, kenako muone nambala yotsikitsitsa. Ikaonetsa 8 kapena 7, mwamugwira. Ikapanda kuonetsa kanthu sindiye kuti kugwa kunalibe, chifukwa pa mamita ambiri batani limeneli limagwira kugwa kotalika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, ndipo kofupikirapo kumadutsa.

Ena amawerenga kuti mafunde otsalira m'magetsi a adaputa amayezedwa potembenuzira mita ku `ACV`. Pa mita yabwino yokhala ndi `mV` kumbali imeneyo, adaputa itasenza babu, mukhoza kuona kanthu: yamoyo imaonetsa nambala yaing'ono kwambiri, ndipo ikafika theka la voti kapena kuposa ndiye kuti makapasita atha. Koma mita zambiri siziona mafunde othamanga kwambiri amene adaputa zimenezi zimapanga, choncho nambala yaing'ono si umboni wa moyo. Pa tachikasu totchipa tija musayese n'komwe. Mukaika pa `ACV` `200` n'kuyeza adaputa ya mavoti 12 timaonetsa cha m'ma 26, ndipo mukatembenuza nsonga timaonetsa 0. Ndi mmene tinapangidwira, sizikunena kanthu za adaputa. Mnyamata wina anabwera akuthamanga kuti adaputa yake ikutulutsa mavoti 26 ndipo iwotcha nyumba, koma inali nkhani yomweyi.

Waya ndi pulagi zingakhale zolakwa pamene bokosi lili bwino?

Kwambiri, ndipo babu amazigwira mosavuta. Babu akuyaka, mita ikuwerenga, pindani waya pang'onopang'ono pamene akutulukira m'bokosi, kenako pakhosi pa pulagi. Malo awiri amenewa ndi amene timawaya tam'kati timaduka kamodzikamodzi. Kakatsala kamodzi kokha, mita yopanda katundu ionetsabe 12 wathunthu, koma ampeya singadutse bwino pa kaulusi kamodzi. Babu akaphethira pamene mwapinda, vuto lili pomwepo. Gwiraninso waya ndi zala: malo ofunda kuposa ena onse ndi pamene patsala timawaya tochepa.

Palinso nkhani ya kukula kwa pulagi. Pali mitundu iwiri yofanana kunja, yonse mamilimita 5.5, koma kabowo ka pakati kena ndi 2.1 kena 2.5. Pulagi ya bowo la 2.5 imalowa bwinobwino pa rauta ya kamsomali ka 2.1, koma imagwira mogwedera. Rauta imayenda, wina akagunda tebulo kapena kutseka chitseko mwamphamvu imazima. Lowetsani pulagi pa rauta, muigwedeze pang'ono ndi chala uku mukuyang'ana timagetsi. Ikazima, mwina ndi pulagi yosayenera, mwina miyendo ya kasoketi ka rauta yasweka pamene inawotchereredwa, ndipo zimenezo wokonza aliyense amatha kuziwotchereranso.

Bwanji ndingoika mita pa `10A` n'kukhudza pulagi kuti ndione ngati ampeya imodzi ikutulukadi?

Musatero. Mita ikakhala pa `10A` imakhala ngati waya wamba, ndipo kukhudza nayo mbali ziwiri za pulagi n'chimodzimodzi kugundanitsa mawaya. Adaputa yabwino idziteteza n'kukupatsani nambala yopanda tanthauzo, yofooka ikhoza kupsa, ndipo mita zina zotchipa zilibe fyuzi pabowo limenelo. Maampeya amayezedwa mita italowa mumzere, magetsi akudutsa mwa iyo popita ku rauta kapena ku babu. Mukamaliza bwezerani waya wofiira pa bowo la `V` nthawi yomweyo, chifukwa mukaiwala n'kukayeza soketi ya pakhoma mawa lake, kuphulika kwake si kwamasewera.

Rauta yanga imazima filiji ikangoyamba kulira, kapena chigayo chapafupi chikaliza. Imeneyonso ndi adaputa?

Ikhoza kukhala. Magetsi athu a pakhoma ndi mavoti 220, ndipo adaputa zambiri zimalembedwa `100-240V`, kutanthauza kuti kutsika wamba kwa magetsi siziyenera kukumva. M'kati, mbali yolandira magetsi a pakhoma, muli kapasita yaikulu imene imasunga mphamvu yodutsira kaphethi kakang'ono. Imeneyo ikauma, kugwedezeka kulikonse kwa magetsi kumafika mpaka ku rauta. Muyese ndi babu uja: adaputa ikhale pasoketi yake ya masiku onse, muyang'ane babu pamene filiji ikuyamba. Akaphethira kwambiri, yesani adaputa ina pasoketi yomweyo. Inayo ikapirira, yoyamba ndiyo yatopa.

Yang'ananinso soketi yeniyeniyo. Kuno kufupi ndi malire timasakaniza zinthu: za ku Malawi zimabwera ndi miyendo itatu yamakona, zathu ndi miyendo iwiri yobulungira, zina zochokera ku Joni ndi itatu yobulungira ikuluikulu. Ndiye mumapeza adaputa italenjekeka pa kosinthira, kosinthira pa ekisitenshoni yotopa, zonse zikugwedera. Mukamva kutheteka, kapena kuona madontho akuda pamiyendo ya adaputa, yambani mwakonza pamenepo. Amene mumagwiritsa ntchito inveta ya sola kapena jenereta, yesani rautayo pa magetsi ena kaye musanaweruze adaputa.

Ndilibe babu, ndilibe mita yabwino. Pali njira ina?

Ilipo, ndipo ndiyo imagamula mlandu ngakhale kwa ife okhala ndi zida: kusinthanitsa. Bwerekani adaputa imene mukudziwa kuti ikuyendetsa rauta ina bwinobwino. Mavoti akhale ofanana ndendende, maampeya akhale ofanana kapena ochulukirapo, `+` akhale mbali yomweyo, pulagi igwire zolimba. Iyendetseni nthawi yomwe rauta imavuta. Ngati imazima masana, yesani masana, tsiku lathunthu. Ikasiya kuzima, yankho mwalipeza.

Batire ya mavoti 12 ya njinga yamoto kapena ya sola nayonso ndi mboni yabwino pa rauta ya mavoti 12, chifukwa magetsi ake alibe mafunde ndipo sagwa ndi katundu wochepa chonchi. Koma ichotseni kaye pa sola, chifukwa ikamatchajidwa imakwera kufika mavoti 14 ndi kupitirira, ndipo si rauta iliyonse imene imalola zimenezo. Ikanipo fyuzi ya maampeya 2 pa waya wa `+` pafupi ndi batire, ndipo yezani ndi mita kuti `+` ali pakati musanalowetse pulagi. Kutembenuza mawaya pa batire kumatha kupha rauta nthawi yomweyo. Rauta ya mavoti 9 kapena 5 isayandikire batire imeneyi.

Rauta ikazimabe pa adaputa yabwino ndi pa batire pomwe, ndiye kuti vuto lili mwa iyo. Nayonso ili ndi makapasita ake amene amauma, imathanso kutenthedwa ngati tiziboo take tatsekeka ndi fumbi, kapena pulogalamu yake yasokonekera.

Adaputa yodwalayo ndiitsegule ndikonze, kapena ndigule ina?

Ngati si ntchito yanu, musaitsegule. Kapasita yaikulu ija imasunga mavoti opitirira 300, ndipo imatha kuwasunga kwa kanthawi adaputa itachotsedwa kale pakhoma. Komanso bokosi lake ndi lomata, likang'ambidwa silitsekekanso bwino, ndipo adaputa yomangidwa ndi tepi m'nyumba ya ana ine sindiivomereza. Wokonza wodziwa akhoza kusintha makapasita otupa n'kuikamo opirira madigiri 105, koma pa adaputa yaing'ono chonchi nthawi zambiri kugula ina kumaposa.

Pogula, mavoti asasinthe ngakhale wogulitsa anene kuti 15 ndi 12 n'zapachibale. Maampeya ndiwo mungakweze: pa rauta ya `12V 1A` tengani ya `1.5A` kapena `2A`. Rauta imangotenga zimene ikufuna, ndipo adaputa yosapanikizika sitentha kwambiri, choncho imakhalitsa. Tengani rauta popita kumsika kuti muyese pulagi pomwepo. Zolembedwa pabokosi musazikhulupirire msanga, chifukwa ndayezapo adaputa yatsopano yolembedwa `2A`, yopepuka ngati mulibe kanthu, imene inagwa kufika pa mavoti 9 ndi babu wa mawati 10 yekha. Mukafika nayo kunyumba, isanakhudze rauta, isenzetseni babu uja mphindi 20, mulembe nambala imene yakhazikikapo pa kapepala, n'kumata kapepalako pa adaputa pomwepo pamodzi ndi tsiku lake. Rauta ikadzayambanso kuvuta chaka chamawa, mudzayezanso ndi babu yemweyo n'kuyerekeza ndi nambala ya pakapepalayo.